Lipoti la ntchito yokonza shall, may ndi must m'malamulo a kopaletivu ya alimi a mpunga ku Zomba

Kopaletivu ina ya alimi a mpunga a kumbali ya ku nyanja ya Chilwa inabweretsa malamulo ake ku ofesi yathu mu mzinda wa Zomba kuti tiwakonze. Dzina lake sinditchula. Malamulowo ndi a m'Chingerezi, ali ndi magawo 38, ndipo alipo ena omasuliridwa m'Chichewa amene mamembala ambiri amagwiritsa ntchito. Chimene bodi inapempha chinali chaching'ono: tiwerenge gawo 14 lokha, tiwauze ngati ali okakamizidwa kubweza ndalama za masheya kwa membala amene watuluka. Titawerenga tinaona kuti gawo 14 silingamveke palokha, chifukwa mbali zonse ziwiri za mkangano zinkatola mfundo zawo m'magawo ena, ndipo magawowo ankagwiritsa ntchito mawu atatu, "shall", "may" ndi "must", mosasamala.

Mkangano wake

Mayi wina amene anali ndi masheya 40, a K5,000 iliyonse, analemba kalata yotuluka m'kopaletivu chifukwa ankasamukira kwa ana ake. Ankayembekezera K200,000. Panapita miyezi isanu osalandira kanthu. Ndime ziwiri zimene ankakanganirana ndi izi:

14(2) "A member who withdraws shall be refunded the value of his shares."

14(3) "The Board may make the refund within ninety days."

Ndime yoyamba ikunena kuti wotuluka abwezeredwe ndalama zake, koma sikutchula wobweza. Yachiwiri ikutchula bodi, koma ikuipatsa chilolezo, osati udindo. Mukaziphatikiza, zingamveke m'njira zitatu. Msungichuma ankati bodi ili ndi ufulu wobweza kapena kusabweza, malinga ndi momwe thumba lilili. Mwana wa mayiyo, amene ndi mphunzitsi, ankati kubweza n'kokakamiza ndipo masiku 90 ndi malire. Wapampando anali pakati: kubweza n'kokakamiza ndithu, koma masiku 90 ndi ongoyerekeza, bodi ingabweze ikadzapeza ndalama. Palibe mmodzi mwa atatuwa amene ankanama. Aliyense ankawerenga mawu amene alipodi pa pepala.

Chimene chinakulitsa nkhani ndi mfundo ya msungichuma, ndipo ndiyenera kunena kuti inali mfundo yanzeru. Anatsegula gawo 22, limene limati membala aliyense "must" kugulitsa mpunga wake kudzera ku kopaletivu. Anati: "A loya, onani. Pamene olemba ankafuna kutikakamiza, analemba must. Pa gawo 14 sanalembe must. Ndiye mukutiuza bwanji kuti n'chimodzimodzi?" Iwo sanapite ku sukulu ya malamulo, koma anagwira mfundo imene makhoti amaigwiritsa ntchito pomasulira zolembedwa: wolemba akasintha mawu m'chikalata chimodzi, amamuganizira kuti wasinthanso tanthauzo. Mfundoyi si yosagwedezeka, khoti lingaikane likaona kuti chikalata chinalembedwa mwachisawawa. Koma kuti mufike poikana, ndiye kuti muli kale m'khoti, mwalipira kale loya, ndipo K200,000 ija yayamba kuchepa.

Kusakanizaku kunabwera chifukwa malamulowo anadutsa m'manja atatu. Oyamba anakopedwa pa chitsanzo chakale chimene chili ndi "shall" paliponse. Kenako mlangizi wa pulojekiti ina anawonjezera magawo a zogulitsa ndi zosunga mpunga m'nkhokwe, ndipo iyeyo ankalemba "must". Pomaliza mlembi wa nthawi ina anawonjezera ndime zingapo, kuphatikizapo 14(3), ndipo ankakonda "may" chifukwa, monga anatiuzira yekha, ankaona kuti ndi mawu aulemu polankhula za akuluakulu a bodi. Ulemu umenewo ndi umene unasandutsa udindo kukhala chilolezo.

Kuwerenga ndi kusanja

Ntchito yotere simayamba ndi kusintha mawu. Imayamba ndi kudziwa kuti mawu aliwonse akugwira ntchito yanji pamene ali. Tinataipitsa malamulowo pa kompyuta, popeza kopaletivu inali ndi fotokope yokha, ndipo mu Word tinafufuza mawu atatu aja titayatsa Find whole words only ndi Match case. Popanda zimenezi, kompyuta imawerengera pamodzi mwezi wa Meyi, umene m'Chingerezi umalembedwa chimodzimodzi ndi "may", komanso mawu ena otalika amene ali ndi "shall" mkati mwake. Mawu oyambira chiganizo ndi chilembo chachikulu tinawafufuza paokha. Tinapeza "shall" 96, "may" 31 ndi "must" 14.

Pa malo aliwonse tinafunsa mafunso awiri. Loyamba: ndani akulamulidwa pano, ndipo angatchulidwe dzina la udindo wake? Lachiwiri: akapanda kuchita, waphwanya lamulo kodi? Njira yachidule ndi kuchotsa "shall" n'kuikapo mawu akuti "ali ndi udindo wo-". Chiganizo chikamveka bwino, ndiye kuti ndi udindo weniweni. "Msungichuma ali ndi udindo wosungitsa ndalama ku banki" zikumveka. "Chaka cha chuma ali ndi udindo wotha pa 30 Juni" sizikumveka, chifukwa chaka sichilamulidwa. Ndimeyo ikungonena momwe zinthu zilili.

Pa "shall" 96 aja, 52 okha ndi amene anali udindo weniweni. Ena 23 ankangofotokoza, monga dzina la kopaletivu, tsiku lotha chaka cha chuma ndi matanthauzo a mawu. Amenewa tinawabwezera ku nthawi ya lero, "is" kapena "means", ndipo sanavute. Ena 11 ankapereka ufulu kapena mphamvu, m'mawu onga "shall be entitled to" ndi "shall have power to". Asanu ndi awiri anali zofunika kukwaniritsa kuti chinthu chilandiridwe, monga kuti pempho la ngongole likhale lolembedwa. Atatu anali oletsa. Choncho pafupifupi theka la "shall" m'chikalatacho silinkalamula munthu aliyense. Wina akanangolamula kompyuta kuti isinthe "shall" yense akhale "must", akanatulutsa chikalata chonena kuti membala akukakamizidwa kukhala ndi ufulu, ndiponso kuti bodi ikukakamizidwa kukhala ndi mphamvu.

Tinayenera kusankha mawu amodzi a udindo. Ambiri mwa ife amene tinaphunzira malamulo ku Chirunga tinakula tikuwerenga "shall", ndipo malamulo a dziko lino ndi odzaza nawo. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, pa gawo 5, amagwiritsa ntchito "shall" ponena kuti lamulo lililonse losemphana nawo ndi lopanda mphamvu. Taonani kuti ngakhale pamenepo palibe munthu akulamulidwa, ndimeyo ikulengeza zotsatira. Mayiko ena anasankha njira zosiyana. Ku Canada, gawo 11 la lamulo lawo lomasulira malamulo limanena mwachindunji kuti "shall" ndi lokakamiza ndipo "may" ndi lololeza. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996 anasankha "must". Ku Amerika, pokonzanso kalembedwe ka malamulo oyendetsera milandu ya pakati pa anthu m'makhoti a boma lalikulu mu 2007, anachotsa "shall", koma mu 2010 anabwezeretsa mawuwo pa lamulo nambala 56, chifukwa mawu amene anaikapo m'malo mwake anadzutsa mkangano wakuti kodi woweruza akukakamizidwa kapena akungolimbikitsidwa. Nkhani ya ku Amerikayi ndimaikumbukira nthawi zonse ndikagwira ntchito ngati iyi. Akatswiri amene analonjeza kuti akungokonza kalembedwe osakhudza tanthauzo anapezeka kuti alikhudza.

Ife tinasankha "must". Chifukwa chake n'chakuti owerenga malamulowa ndi alimi ndi alembi amene Chingerezi chawo ndi cha kusukulu, kumene "shall" amaphunzitsidwa ngati mawu a zam'tsogolo. "Must" aliyense amawamva kuti ndi lamulo. Tikanasankha "shall" sizikanalakwika, bola tikanawasunga pa ntchito imodzi yokha ya udindo. Chimene sichingaloledwe ndi kukhala ndi onse awiri. Panali malo atatu pamene malamulo a kopaletivu anakopa mawu a lamulo la boma la makopaletivu monga alili. Pamenepo sitinasinthe mawu a boma, koma tinachotsa zokopazo n'kuloza ku gawo la lamulolo, kuti chikalata chathu chisakhalenso ndi mawu awiri a udindo.

Gawo 14

Tibwerere kwa mayi uja. Pa 14(2), funso loyamba lija lakuti ndani akulamulidwa linalibe yankho, chifukwa chiganizocho chinalembedwa mozungulira, wochitiridwa ali patsogolo, wochita palibe. Kalembedwe kameneka ndi kamene kamabisa maudindo ambiri. Aliyense amavomereza kuti ndalama zibwezedwe, koma msungichuma amaloza bodi, bodi imaloza msonkhano waukulu, ndipo msonkhano waukulu umakumana kamodzi pachaka.

Pa 14(3) sitikanatha kungosintha "may" kukhala "must" mwa ife tokha. Kutero kukanakhala kugamula mkangano mokomera mbali imodzi, pamene ntchito ya wokonza mawu si kupanga mfundo za eni ake. Tinapempha buku la maminitsi. Ndi buku lakuda la chikuto cholimba, masamba ena anakhathamira madzi mpaka inki ya buluu inafalikira, koma tsamba la msonkhano umene unavomereza ndimeyo linali lowerengeka. Mlembi analemba m'Chichewa kuti anthu agwirizana zoti wotuluka azidikira miyezi itatu kuti kopaletivu ipeze ndalama zake. Apa zinaoneka kuti mamembala sanafune kupatsa bodi ufulu wokana. Anafuna kuipatsa nthawi yopumira. Chilolezo chinali pa kuchedwa mpaka malire, osati pa kubweza. Mlembi anaika "may" pa mneni wolakwika.

Maminitsi paokha sasintha mawu a malamulo olembetsedwa, ndipo khoti silikakamizidwa kuwatsata. Koma kwa wokonza ndi umboni wabwino wa chimene anthu ankafuna, ndipo unatithandiza kuuza bodi mosapita m'mbali kuti maganizo a msungichuma ndi ofooka. Ndime 14(2) ikupereka ufulu wolandira ndalama, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti ndime yotsatira inabwera kudzachotsa ufuluwo mwakachetechete.

Koma nkhawa ya msungichuma inali yeniyeni. Kopaletivu imagula mpunga kwa mamembala nthawi yokolola, n'kuusunga kuti idzagulitse mitengo ikakwera chakumapeto kwa chaka. Pa miyezi imeneyo chuma chake chimakhala m'matumba a makilogalamu 50 m'nkhokwe, osati ku banki. Anthu asanu atatuluka mwezi umodzi, bodi ingakakamizike kugulitsa mpunga motchipa kuti ilipire. Choncho tinalemba njira ziwiri n'kuzipereka kwa mamembala. Yoyamba inali udindo wosapindika wa masiku 90. Yachiwiri inali udindo womwewo, koma ndi chilolezo chochepa chowonjezera nthawi. Anasankha yachiwiri, ndipo inalembedwa motere:

14(2) "The Society must refund the value of the shares within 90 days after it receives the notice of withdrawal."

14(3) "The Board may extend that period once, by not more than 90 days, if paying on time would force the Society to sell stored rice."

14(4) "If the Board extends the period, the Secretary must give the member written reasons before the first 90 days end."

Tsopano mawu aliwonse ali pa malo ake. Udindo uli pa kopaletivu, ndipo tsiku loyambira kuwerenga ladziwika, chinthu chimene ndime yakale inalibe. Chilolezo chili pa bodi, koma chazingidwa: kamodzi kokha, masiku owerengeka, chifukwa chimodzi. Ndipo chilolezocho chikagwiritsidwa ntchito, chimadzutsa udindo wina pa mlembi. Pa zimene ndaona, "may" amene amavuta si amene ali ndi malire olembedwa. Amavuta ndi amene waima yekha, wopanda chomuuza kuti agwire ntchito liti ndiponso mpaka pati. Tinalemba masiku 90 m'malo mwa miyezi itatu ya m'maminitsi chifukwa ziwirizi sizifanana ndendende, ndipo mamembala anakonda kuwerenga masiku.

Chilolezo chimene chinali udindo

Ndime ina imene palibe anaidandaula, koma imene ndinaiona kuti ndi yoopsa kuposa gawo 14, inali ya msonkhano wapadera. Inkati mlembi "may" kuitanitsa msonkhano wapadera wa mamembala onse akalandira pempho lolembedwa la mamembala osachepera gawo limodzi mwa magawo asanu. Taganizani chifukwa chimene mamembala angasonkhanitsire masiginecha ochuluka chotere. Nthawi zambiri amakhala kuti sakukondwa ndi bodi. Ndiye ndimeyo inkapatsa mlembi, amene ndi wa m'bodi momwemo, ufulu wokana msonkhano wofuna kufunsa bodiyo. Kuli ngati kupatsa munthu amene anatenga ngongole makiyi a chipinda chosungira buku la ngongole.

Loya angathe kutsutsa kuti "may" ameneyu ndi wokakamiza. Pa mlandu wa Julius ndi Bishopu wa ku Oxford wa 1880, khoti lalikulu la ku Britain pa nthawiyo linanena kuti mawu ololeza paokha amangopereka mphamvu, koma mphamvu ikaperekedwa kuti ithandize anthu odziwika amene akwaniritsa zofunika zolembedwa, wopatsidwayo angakhale ndi udindo woigwiritsa ntchito. Ndime yathu ikugwirizana bwino ndi mfundoyi. Koma pa mlandu womwewo khotilo linagamula kuti bishopuyo sanali wokakamizidwa. Ndiye amene akudalira mfundo imeneyi akudalira chinthu chimene chingagwere mbali iliyonse, ndipo alimi a ku Chilwa sangayembekezeredwe kudziwa mlandu wa 1880 kuti aitanitse msonkhano wawo. Tinaika "must", ndi malire a masiku 21, ndiponso ndime yakuti mlembi akalephera, opempha aja "may" kuitanitsa okha msonkhanowo. Ichinso tinachipereka kwa mamembala ngati kusintha kwa mfundo, osati kwa kalembedwe.

Ndime yomalizayi ikukhudza chinthu chimene "must" sachiritsa. Mawuwa amanena kuti chinthu chichitike, koma sanena chimene chimatsatira chikapanda kuchitika. Malamulo akale ankati chidziwitso cha msonkhano waukulu wa pachaka "shall" kuperekedwa masiku 14 usanachitike. Nanga chikaperekedwa masiku 12, zisankho za pa msonkhanowo zafa? Kusintha "shall" kukhala "must" sikuyankha funso limeneli ngakhale pang'ono. Makhoti akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri, ndipo ku Britain pa mlandu wa Soneji wa 2005 anati chofunika si kungotcha lamulo kuti ndi lokakamiza kapena longotsogolera, koma kufunsa ngati olemba anafuna kuti kulephera kulitsata kuphe zonse zimene zachitika. Wolemba wochenjera amayankhiratu yekha. Ife tinawonjezera kuti msonkhano woitanidwa mochedwa ulibe mphamvu yosintha malamulo kapena kusankha bodi, koma zina ungakambirane ngati obwera avomereza.

Zoletsa ndi maufulu

Zoletsa zinalembedwa m'njira zitatu: "shall not", "no member shall" ndi "may not". Yomalizayi ndi imene inali ndi vuto. Ndime ya ngongole inkati bodi "may not" kuvomereza ngongole kwa membala amene sanamalize yakale. Mamembala ena a bodi ankamva kuti n'koletsedwa. Ena ankamva kuti mwina bodi singavomereze, kutanthauza kuti ingavomerezenso ikafuna, ndipo buku la ngongole linaonetsa kuti kumva kwachiwiriku kunagwiritsidwapo ntchito. Zoletsa zonse tinazipanga "must not".

Pa maufulu 11 aja, ambiri anasanduka "may" popanda vuto, koma imodzi inafuna kusamala. Ndime yakale inkati membala "shall be entitled to" kuona mabuku a chuma. Mukangolemba kuti membala "may" kuona mabuku, mwanena kuti sakulakwa akawaona, koma simunanene kuti wina akukakamizidwa kumutsegulira kabati. Ufulu wa munthu mmodzi umakhala ndi mphamvu pokhapokha pali udindo pa munthu wina. Tinalemba mbali zonse ziwiri: membala "may" kupempha, msungichuma "must" kumuonetsa pasanathe masiku asanu ndi awiri, ku ofesi ya kopaletivu, nthawi ya ntchito.

Pa "may" 31 aja tinapezamo anayi amene sankaloleza kanthu, ankangonena kuti chinthu chingachitike, monga ponena za ngozi zimene zingagwere mpunga m'nkhokwe. Tinawalemba mwa njira ina kuti "may" atsale ndi ntchito imodzi.

Malamulo a m'Chichewa

Zonsezi zikanapita pachabe tikanasiya malamulo a m'Chichewa momwe analili, chifukwa pa msonkhano amene amawerengedwa ndi amenewo. Womasulira wakale anatenga "shall" aliyense ngati zam'tsogolo. Ndime 14(2) inkati wotuluka "adzabwezeredwa", ndipo m'makutu mwa munthu wamba limenelo ndi lonjezo la tsiku lina, lopanda mwini. Tinagwirizana mawu atatu osasintha m'chikalata chonse: udindo ndi "ayenera", chilolezo ndi "ali ndi chilolezo cho-", choletsa ndi "saloledwa". Sitinatenge "atha" kapena "angathe", chifukwa amanenanso za kukwanitsa, ndipo bodi ingati sitingathe pofuna kunena kuti tilibe ndalama. Sitinatengenso "sayenera" pa zoletsa, chifukwa ena amawamva ngati uphungu. Tinawonjezera ndime yonena kuti malamulo awiriwa akasemphana, olembetsedwa ku boma ndi amene amatsatidwa, komanso ndime yaifupi yofotokoza tanthauzo la mawu atatu aja. Ndime yotereyi imathandiza pokhapokha chikalata chonse chikuitsata. Ikaikidwa pamwamba pa zosakanizika, imangowonjezera chokanganirana.

Kupereka kwa mamembala

Zosintha zonse tinazichita titayatsa Track Changes mu Word kuti chosintha chilichonse chizioneka, ndipo tinakonza tebulo la mizere itatu: mawu akale, mawu atsopano, ndi chizindikiro chosonyeza ngati tanthauzo lasintha. Zambiri zinali za kalembedwe chabe ndipo zinavomerezedwa pamodzi. Zisanu ndi zinayi zinali zokhudza mfundo, ndipo chilichonse chinawerengedwa mokweza m'Chichewa n'kuvoteredwa pachokha. Kulekanitsa kumeneku n'kofunika kwambiri. Loya akasakaniza kusintha kwa mfundo m'gulu la zokonza kalembedwe, tsiku limene anthu adzazindikire adzakayikira chikalata chonse.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, akuluakulu atapanikizana pa madesiki a ana. Pa ndime ya msonkhano wapadera, wapampando anaimirira nati: "A loya, ndiye kuti mwatimanga manja ifeyo." Mayi wina wachikulire wa kumbuyo anayankha ndisanatsegule pakamwa: "Bambo wapampando, mpando umenewo mawa mudzakhala mutachokapo, mudzakhala kuno kwa ife. Tsiku limenelo mudzafuna liti, lomanga kapena lomasula?" Ndimeyo inadutsa.

Imodzi sinadutse. Gawo 31 limati bodi "may" kupereka kwa mamembala gawo la phindu la pachaka. Ena ankafuna "must", ndipo ife tinafotokoza zotsatira za njira zonse ziwiri. Ambiri anasankha kusiya chilolezo m'manja mwa bodi, ponena kuti chaka chimene nyanja ndi mitsinje zaphwa, kapena madzi asefukira m'minda, phindu lochepa limene lapezeka liyenera kusungidwa. Ndikuganiza kuti anasankha bwino, ngakhale ndikanakonda akanawonjezera udindo wakuti bodi ifotokoze zifukwa ikasankha kusagawa. Ndinapereka ganizolo ndipo analikana. "May" wa pa gawo 31 anatsala monga analili, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano maminitsi akuonetsa kuti anasankhidwa dala.

Pamene nkhani ili

Malamulo atsopano sagwira ntchito pa zimene zinachitika kale, choncho nkhani ya mayi uja inayenera kutha pa mawu akale. Tinalangiza bodi kuti ilipire, ndipo inagwirizana ndi mwana wa mayiyo kuti K200,000 iperekedwe kawiri, theka nthawi yomweyo, theka mpunga ukagulitsidwa. Mgwirizanowo unalembedwa ndi kusainidwa. Funso lakuti mtengo wa sheya ndi umene munthu anagulira kapena wa lero silinali m'ntchito imene tinapatsidwa, koma tinalembera bodi kuti ndime 14(2) ikadali chete pa zimenezo ndipo wotuluka wina angadzalidzutse.

Zosinthazo zinatumizidwa ku ofesi ya boma yolembetsa makopaletivu pamodzi ndi maminitsi a msonkhano. Mpaka zitalembetsedwa, malamulo akale ndi amene ali ndi mphamvu, ndipo tinachenjeza mlembi kuti asagawe makope atsopano nthawiyo isanakwane, kuti m'midzi musayende malamulo awiri osiyana. Tinamusiyiranso tsamba limodzi loti aziligwiritsa ntchito powonjezera ndime m'tsogolo: atchule wochita, asankhe pakati pa "must", "may" ndi "must not", alembe malire a nthawi, ndipo anene chotsatira chake munthu akalephera. Mafomu a ngongole ndi kalata za mgwirizano ndi ogula mpunga akadali ndi "shall" wakale, ndipo bodi yati idzawabweretsa ikatha kugulitsa mpunga wa chaka chino.